Agogo a Dalitso ndi kachilombo ka pa chithunzi: ndithandizeni pa nkhani yanga yaifupi

Nasibeko (Chinamwali): Muli bwanji nonse pa gulu pano? Ndikulemba nkhani yaifupi ya ana a pulayimale ndipo ndafika pamene ndikufuna maso anu. Mnyamata wake ndi Dalitso, wa Sitandade 6, amakhala ndi mayi ake kuno ku Chinamwali. Usiku wina mu Novembala, mvula itangoyamba, wapeza kachilombo kachilendo pakhonde, pansi pa babu. Wabwereka foni ya mayi ake n'kukajambula. Anzake kusukulu sakukadziwa, ena akuti n'kotumidwa ndi afiti. Sukulu atatsekera mu Disembala wapita kwa agogo ake ku Jali. Ndime imene ikundivuta ndi iyi:

"Agogo anasiya kusenda chinangwa, napukuta manja pa chitenje. Dalitso anawapatsa foni. Pa galasi panali kachilombo kakatali, kofiirira modera, ndipo kumutu kwake kunali tinyanga tiwiri ta timasamba tambiri tosanjikizana. Agogo anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. 'Ameneyu ndi kafadala, amunanga,' anatero."

Funso langa ndi ili. Kodi munthu wamkulu wa kumudzi angathe kutchula dzina la kachilombo atangoona chithunzi kamodzi chonchi? Sindikufuna mwana wa ku Jali awerenge n'kunena kuti wolembayu sanakhalepo ndi agogo.

Yamikani: Ine sindikuonapo vuto achemwali. Mafoni a masiku ano amajambula bwino, ngakhale ubweya wa pa mwendo wa ntchentche umaoneka. Ngati agogowo anakaonapo kale, akazindikira basi. Mwina funso n'lakuti maso awo akuona bwanji.

Che Saidi (Songani): Zikomo a Nasibeko chifukwa cha nkhaniyi. Koma ndaima pa tinyanga ta timasambato. Chimene chili ndi tinyanga totambasuka, n'kumabwera pa getsi mvula yoyamba ikagwa, chimenecho ndi chikumbu. Timaziona chaka chilichonse, zimauluka mopanda chiwongolero n'kumadzigunda pa khoma, m'mawa nkhuku n'kuzitola. Ndikuona ngati mwafotokoza chikumbu koma mwachipatsa dzina la kafadala.

A Mbewe (Namadidi): Ndathokoza mwanangu Nasibeko potibweretsera nkhani ya tizilombo. Ndagwira ntchito ya za nkhalango zaka zambiri, ndipo anthu akhala akundionetsa zithunzi zotere pa foni kuti ndiwauze dzina. Ndiye ndiyankhe kaye za Che Saidi, kenako za funso lenilenilo.

Che Saidi, mwanena zoona kuti zikumbu zili ndi timasamba pa tinyanga, ndipo nyengo mwailondola. Koma timasamba ta chikumbu timakhala kunsonga kokha kwa kanyanga kakafupi, ndipo thupi lake ndi lonenepa, la msana wotukuka. Chimene wafotokoza Nasibeko ndi chachitali. Kafadala ndi wautali, wophwatalala pang'ono, ndipo amanka nachepa chakumbuyo. Chizindikiro chimene sichinama chili pa chikopa cholimba chimene chimaphimba kuseri kwa mutu. Ngodya zake ziwiri zakumbuyo ndi zosongoka, zimaloza kumapiko. Chikumbu chilibe zimenezo.

Akafadala ambiri amene timawaona ndi aang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri, tinyanga tawo n'topyapyala. Koma alipo wamkulu amene amafika masentimita 6 mpaka 8, kutalika kuposa bokosi la machesi. Ndi woderako, ndipo thupi lonse lili ndi tiubweya tosalala totuwirako. Wamphongo ndi amene ali ndi tinyanga ta timasamba tataliatali, wamkazi tinyanga take n'ta manomano chabe. Amene akufuna kumuona alembe pa foni Tetralobus flabellicornis. Ndiye Nasibeko, chimene wafotokoza chilipo ndithu, ndipo ndi kafadala wamphongo wa mtundu waukuluwo. Mwana woona ameneyu koyamba sangalephere kudabwa.

Che Saidi (Songani): Ndaona zithunzizo. Ayi, ameneyu si chikumbu chimene ndimanena. Koma wamkulu chonchi ine ndinali ndisanamuonepo, kafadala amene ndimamudziwa ndi wamng'ono uja tinkasewera naye tili ana.

A Mbewe (Namadidi): Ndi banja limodzi, Che Saidi. Tsono pa funso la Nasibeko, yankho langa ndi lakuti agogo angathe kumudziwa, koma osati mwa njira imene yalembedwayo. Chithunzi chimataya zinthu zimene munthu wa kumudzi amadziwira kachilombo. Choyamba chimataya kukula. Pa galasi la foni nankafumbwe ndi kafadala wamkulu akhoza kudzaza malo ofanana, pomwe wina ndi mamilimita atatu kapena anayi, wina masentimita 7. Ndipo mwana akakoka chithunzi ndi zala ziwiri kuti agogo aone bwino, amangoonjezera chisokonezo. Chachiwiri, fulashi ya usiku imasintha mtundu. Tiubweya totuwa tija timawala, kachilombo kodera n'kuoneka ngati kagolide kapena koyera.

Chachikulu ndi ichi. Agogo athu sanaphunzire tizilombo pa pepala. Anatiphunzira tikuyenda, tikulira, tikudya mbewu, tikuluma. Nkhululu amaidziwira pa una wake ndi kulira kwake madzulo, nyenje pa kulira kwake dzuwa likatentha mu Okutobala, mafulufute pa tsiku limene atuluka mvula itagwa. Kafadala amadziwika ndi chinthu chimodzi: ukamugoneka chagada amalira kuti thwa n'kudumpha. Chimenecho pa chithunzi palibe. Munthu wodziwa zenizeni akapatsidwa chithunzi sathamangira dzina, amayamba wafunsa. Ine ndimafunsa kukula kwake, malo amene kanapezeka, nthawi yake, ndi chimene kanachita atakakhudza. Agogo a Dalitso afunsenso chimodzimodzi m'mawu awoawo.

Mayi a Tadala (Matawale): Pepani ndalowa mochedwa, sindinawerenge zonse. Ndaona mwatchula nankafumbwe. Ine chimanga changa chimene ndinagula mu Meyi chayamba kufumbwa, matumba atatu, ndikatsegula tikuyenda pamwamba. Nditumize chithunzi a Mbewe mundiuze mankhwala ake?

Madamu Nanyoni (Sadzi): Mayi a Tadala, tikukambirana nkhani yopeka ya a Nasibeko, koma a Mbewe akuyankhani poti ali pompano.

A Mbewe (Namadidi): Mayi, tumizani ku foni yanga kuti tisasokoneze nkhani. Koma pojambula muike kachilomboko pa pepala loyera, pambali pake njere imodzi ya chimanga. Ndikufuna kuona ngati kali ndi kamlomo kakatali kutsogolo. Ngati kalibe, ndipo pansi pa thumba pali ufa wambiri, ndi mtundu wina woononga kwambiri uja. Pakadali pano chikhuthuleni, muchisefe, muchiyanike pa dzuwa chiume gwa, kenako chilowe m'matumba osalowa mpweya aja.

Mayi a Tadala (Matawale): Zikomo bambo. Koma mwandifunsa mafunso musananene dzina, monga mmene mumanenera za agogowo.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Ndi zomwezo mayi. Tsono ndilankhule ngati mphunzitsi wa Chichewa. A Nasibeko, ndime yanu ndi yaukhondo, ndipo "amunanga" uja ndamukonda, ndi mmene agogo amaitanira mdzukulu wamwamuna. Koma taonani chimene chachitika. Mnyamata wanyamula funso kwa mwezi wathunthu, wakwera nalo minibasi mpaka ku Jali, ndiye layankhidwa m'chiganizo chimodzi. Wowerenga sanatope nalo, ndipo Dalitso sanachitepo kanthu, wangopereka foni. Mawu a a Mbewe akupatsani chimene chimasowa. Agogo akafunsa mafunso, mnyamata ayenera kukumbukira usiku uja, ndipo yankho limatuluka mwa anthu awiri. Agogo ali ndi dzina, mwana ali ndi zimene anaona ndi kumva.

Komabe ndili ndi funso lina. N'chifukwa chiyani Dalitso akufunitsitsa dzinali? Chidwi chokha sichikwanira kusunga mwana wa zaka 11 mwezi wonse. Ana amaiwala msanga. Payenera kukhala china chimene chikumudya mumtima.

Nasibeko (Chinamwali): Ndinaika zoti anzake akumuopseza kuti n'zaufiti, madamu. Ndimaganiza kuti mantha amenewo ndi okwanira.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Akhoza kukwanira, koma nkhani za ana zokhala ndi mantha a ufiti n'zambiri, ndipo zimafuna kusamala poti pali gogo m'nkhanimo. Tonse tikudziwa zimene zimachitikira okalamba m'midzi akangonamiziridwa. Gogo wodziwa dzina la kachilombo kamene ana akuti n'kaufiti, mwana wina awerenga molakwika. Ine ndikadachepetsa mbali imeneyo. A Mbewe, tafotokozani bwino za kudumphako, mwina mmenemo muli chimene tikufuna.

Yamikani: Si amadumpha ndi miyendo yakumbuyo monga chiwala? Ine ndimaona ngati amadzikankha ndi miyendo, kulirako n'kwa mapiko.

A Mbewe (Namadidi): Ayi Yamikani, miyendo sigwira ntchito pamenepo, ndiponso mapiko satsegulidwa. Miyendo ya kafadala ndi yaifupi poyerekeza ndi thupi, n'chifukwa chake akagwa chagada pamalo osalala amavutika kudzitembenuza. Mukamutembenuza n'kuyang'ana pa chifuwa, pakati pa miyendo iwiri yakutsogolo pali kamunga kolimba koloza kumbuyo. Kumbuyo kwake pang'ono, chapakati pa miyendo yachiwiri, pali kadzenje kolandira kamungako. Thupi lake limapindika pamalo amenewa, pakati pa mbali ya mutu ndi mbali ya mapiko.

Akafuna kudumpha amayamba wapinda msana, mutu ndi chikopa chija n'kupita kumbuyo, pakati pa thupi n'kunyamuka pansi. Pamenepo kamunga kaja kamatuluka n'kukodwa pa mlomo wa kadzenjeko. Minofu ya m'chifuwa imakoka, koma kamunga kakodwa, ndiye mphamvu imangounjikana. Kenako kamapulumuka n'kulowa m'dzenje mwadzidzidzi. Thupi limapindikira mbali inayo mofulumira kwambiri, n'kudziponya m'mwamba. Zili monga mmene timalizira zala: chala chapakati chimakanikiza pa chala chachikulu osasuntha, kenako chikapulumuka ndi pamene pamamveka kulira. Mphamvu yomweyo mukadaitulutsa pang'onopang'ono sipakadamveka kanthu.

Sasankha mmene agwere. Amazungulira m'malere, nthawi zina agwa chafufumimba n'kuthawa, nthawi zina agwanso chagada n'kubwereza. Pamalo olimba monga simenti ya pakhonde amadumpha bwino. Pa mchenga kapena pa nsalu mphamvu imamira, amangolira osanyamuka kwenikweni. Amaliranso ukamugwira m'manja, pofuna kuti chomugwiracho chidzidzimuke n'kumutaya, ndipo wamkulu uja ukamugwira kugundako umakumva bwino m'zala. China, akaopsezedwa amapinda miyendo ndi tinyanga n'kukhala duu ngati wafa, kwa kanthawi ndithu.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Imani pomwepo bambo. A Nasibeko, mwamva? Amalira thwa m'manja, thupi n'kupindika pakhosi, kenako n'kugona ngati wafa. Mwana amene sakudziwa zimenezi aganiza chiyani? Aganiza kuti wamuthyola khosi. Dalitso anamunyamula kuti amuone bwino, anamva thwa m'zala zake, anamutaya, kachilombo n'kugona chagada osagwedezeka. Chithunzi anajambula pamenepo. Mayi ake anamuitana kuti abweze foni, m'mawa sanakapeze, iye n'kuganiza kuti nkhuku kapena nyerere zadya mtembo. Ndiye mwezi wonse akuyenda ndi chithunzi cha chinthu chokongola chimene akukhulupirira kuti anapha yekha, ndipo sanauze munthu. Pamenepo dzina la agogo silikungoyankha funso la m'kalasi, likumuchotsera mlandu.

Nasibeko (Chinamwali): Madamu, apa mwandigwira mtima. Ndikuona kale mmene asinthire mnyamatayu m'ndime zoyambirira, chifukwa chake safuna kuti mayi ake afufute chithunzicho, chifukwa chake akaonetsa anzake amafulumira kubweza foni m'thumba. Koma a Mbewe, ngati chithunzi chili cha kachilombo kogona chagada, tinyanga ta timasamba tija tioneka?

A Mbewe (Namadidi): Akadzifetsa amatifinya kuthupi, ndiye sitioneka bwino. Njira yake ndi yakuti mnyamata ajambule ziwiri. Choyamba asanamugwire, ali pakhoma pansi pa babu, tinyanga titatambasuka. Chachiwiri atamutaya. Zimenezi n'zomwe mwana angachitedi. Ndipo chachiwiricho ndi chimene chili ndi umboni, chifukwa kamunga ka pa chifuwa kamaoneka ngati foni sinagwedezeke. Koma musawapatse agogo mawu anga a kamunga ndi kadzenje. Iwo sadziwira pamenepo. Chingawakope ndi kagonedweko, chagada, miyendo itapindidwa, poti anamuonapo atagona choncho kambirimbiri ali mtsikana.

Mungaonjezenso funso la malo. Ana a kafadala wamkuluyu, mphutsi zake, amakulira m'zulu za chiswe, ndipo akuluakulu ake amakonda mitengo ya minga ya mtundu wa mthethe. Amayenda usiku, n'chifukwa chake amakopeka ndi getsi. Gogo akhoza kufunsa ngati pafupi ndi nyumba pali chulu. Ku Chinamwali chakumtunda, kuphiri, zimenezi sizingadabwitse munthu.

Abiti Wadi (Domasi): Ine ndine gogo, zidzukulu ndili nazo, ndiye ndinenepo za maso zimene anayamba Yamikani. Ana akandipatsa foni panja masana sindiona kalikonse, galasi limangoda. Ndimayamba ndalowa pa mthunzi, n'kuitalikitsa kutali ndi nkhope. Ndipo ndikaigwira chala chimakhudza pena pake, chithunzi n'kuthawa, mwana n'kuchibwezeretsa. Agogo anuwo achite zimenezi, ndi pamene tiziti ndi mnzathu. Chinanso, gogo sasiya ntchito chifukwa cha foni. Ayang'ana, abweza, apitiriza kusenda chinangwa chake uku akufunsa. Mafunso athu timafunsa manja akugwira ntchito.

Koma ndili ndi nkhawa imodzi. Mdzukulu wanga wina chaka chatha anagwira kachilombo kakuda ka mizere yachikasu pa maluwa a nandolo, kwathu timati dzodzwe, n'kukafinya. Kunja kutacha zala zinali matuza okhaokha. Nkhani yanuyi ana akaiwerenga ayamba kunyamula chilichonse kuti amve ngati chilira.

A Mbewe (Namadidi): Nkhawa yanu ndi yoona mayi. Dzodzwe amatulutsa timadzi m'mfundo za miyendo tokhala ndi poizoni wotchedwa kantharidini, ndiye amene amatulutsa matuza, ndipo munthu akameza kachilomboko akhoza kufa. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Dzodzwe amayenda masana, amadya maluwa a nyemba, nandolo, khobwe ndi therere, mapiko ake ndi ofewa, akuda okhala ndi mizere yachikasu kapena yofiira, ndipo sathawa munthu msanga. Kafadala ndi wa usiku, wolimba, wa mtundu umodzi wodera, ndipo alibe poizoni. Mwana akakhudza dzodzwe asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo, asagwire m'maso.

Yamikani: Ndiye muike ndime ya chenjezo kumapeto, ndi dzina la sayansi lija. Ana aphunzirepo zonse ziwiri. Mwinanso Dalitso akabwerera ku Zomba apite kwa aphunzitsi a za zamoyo ku yunivesite kapena ku FRIM, malo ofufuzira za nkhalango, akamutsimikizire kuti agogo ananena zoona.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Pa chenjezo ndikugwirizana nanu, koma lituluke m'kamwa mwa agogo, chiganizo chimodzi, osati bokosi la malangizo kumapeto. Pa kupita ku yunivesite ndikukana. Mukatero ndiye kuti mawu a agogo anali ongoyembekezera chidindo cha wina. Umboni ulipo kale m'nkhanimo, ndi thwa uja amene mwana anamva m'zala zake. Agogo atchula chinthu chimene sanauzidwe, chimene mwana anabisa. Palibe wina angatsimikize kuposa pamenepo.

Yamikani: Koma madamu, a Mbewe anena kuti dzina limodzilo likuphimba wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Ndiye agogo anena banja chabe, sananene kuti ndi uti. Mwana wachidwi ngati Dalitso afuna kudziwa zambiri. Sindikuti agogo alakwa, ndikuti dzina lawo lili ndi polekezera.

A Mbewe (Namadidi): Nonse muli ndi mfundo. Banja la akafadala lili ndi mitundu pafupifupi 10,000 pa dziko lonse, ndipo dzina lathu limodzi silingaisiyanitse. Koma ngakhale ine, pa chithunzi cha foni chojambulidwa usiku, kawirikawiri ndimafika pa banja basi. Wamkuluyu yekha ndi amene amadziulula chifukwa cha kukula ndi tinyanga. Ndiponso a sayansi amene analemba za tizilombo ta kuno anayamba afunsa anthu a m'midzi. Brian Morris, amene anatulutsa buku la tizilombo ndi anthu a ku Malawi mu 2004, mayina a m'zinenero zathu anawatola kwa anthu ngati agogo a Dalitso omwewo. Zoti dzina la sayansi lilowe m'nkhani kapena ayi, zimenezo ndikusiyira olemba.

Che Saidi (Songani): Ine ndionjeze china. Ku Jali anthu achikulire ambiri ndi Alomwe, ena Ayao, ena Anyanja. Gogo wa kumeneko mwina dzina loyamba kumufikira pakamwa silingakhale la Chichewa. Akhoza kulinena m'chinenero cha mayi ake, kenako n'kumuuza mwana kuti inu a m'tauni mumati kafadala. Zingakome. Loweruka ndikakhala ndi akuluakulu kwathu, ndikawaonetsa chithunzi chimene ndapeza chija ndimve mmene ayankhire.

Abiti Wadi (Domasi): Mukawaonetse koma mukawauzenso kuti amalira thwa, apo ayi akakuuzani kuti ndi mphemvu.

Nasibeko (Chinamwali): Ndayesa kulembanso ndimeyi usiku uno. Nayi:

"Agogo anatenga foni n'kusendera pa mthunzi wa mango. Anaitalikitsa, natsinzina diso limodzi. Chala chawo chinakhudza galasi, chithunzi n'kuthawa, Dalitso n'kuchibwezeretsa. Anayang'ana choyamba, anayang'ana chachiwiri, kenako anabweza foni n'kutolanso mpeni wawo.

'Chinali chachikulu bwanji?'

Dalitso anaonetsa chala chake chamkombaphala.

'Masana kapena usiku?'

'Usiku, agogo. Pa getsi la pakhonde.'

Khungu la chinangwa linagwera m'lichero. 'Apa chagona chagada. Unachigoneka ndiwe?'

Dalitso anayang'ana pansi. 'Chinagwa.'

'Chinagwa chokha?'

Sanayankhe. Agogo anasenda mpaka kumapeto kwa chinangwacho, natenga china.

'Chisanagwe, sichinalire kuti thwa?'

Dalitso anadzutsa mutu. Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake. 'Ndinachithyola khosi, agogo. Sindinafune. Ndinangochigwira pang'ono.'

Agogo anaika mpeni pansi. 'Khosi la kafadala silithyoka choncho, amunanga. Kulira kumeneko ndiye kuyenda kwake. Anakunamiza kuti wafa, iwe utalowa m'nyumba iye anadumpha n'kumapita. Ife tinkamugoneka pa mphero dala kuti timuone akudumpha.'

'Ndiye ali moyo?'

'Usiku umene uja anachoka ndi miyendo yake. Koma usazolowere kutola chilichonse. Wakuda wa mizere yachikasu wa pa nandolo uja, ameneyo usamukhudze.'"

Za ufiti ndazichepetsa, zatsala m'kamwa mwa mnzake mmodzi. Mundiuze pamene pakutsimphina.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Tsopano ndi nkhani. Pamene agogo akusenda Dalitso osayankha paja ndi pabwino kwambiri, musapakhudze. Ndakondanso kuti agogo akuyamba ndi "chinali", "chagona", ndipo atangomudziwa asintha n'kumati "iye". Mawu a chenjezo akubwera msanga pang'ono, mwana sanapume. Ikani kanthu pakati, mwina Dalitso atsegulenso chithunzi chachiwiri chija, chimene wakhala akuchiopa, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndipo chiganizo chakuti "Zimenezi sanauzepo munthu" mukhoza kuchichotsa ngati ndime zoyambirira zaonetsa kale kuti akubisa.

Yamikani: Ine chiganizo chimenecho chisiyeni, ana a Sitandade 6 amafuna kuuzidwa. Ndipo ndikadali pa mfundo yanga ya dzina la sayansi, ngakhale litakhala kunja kwa nkhani, pansi pa chojambula.

A Mbewe (Namadidi): Mphero mwasankha bwino, ndi mwala wolimba, adumphapo. Ndayamikiranso kuti agogo sananene kuti ali moyo mpaka lero, anangoti anachoka usiku umene uja, poti zimenezo ndi zimene angazidziwe. Chimodzi chokha: chala chamkombaphala cha mwana wa zaka 11 ndi pafupifupi masentimita 6, ndiye chikukwana, koma chili kumalire. Ngati mukufuna wamkulu weniweni, mwana aonetse chala n'kuonjezera kuti kupitirira pang'ono.

Nasibeko (Chinamwali): Ndakonza. Funso lomaliza a Mbewe. Ndimaganiza zoti nkhani ithe agogo ndi Dalitso akusaka kafadala wina kumudziko usiku. Agogo alibe magetsi. Zingatheke mu Disembala?

A Mbewe (Namadidi): Nyengo ndi yomweyo, miyezi ya mvula. Nyali ya sola kapena tochi ikwanira. Aipachike panja pafupi ndi khoma loyera kapena nsalu yoyera, usiku wofunda wopanda mphepo, mwezi usanatuluke, makamaka tsiku limene mvula yagwa masana. Zibwera zambiri, ngumbi, zikumbu za Che Saidi zija, agulugufe a usiku. Kafadala wamng'ono akhoza kubwera, koma wamkuluyo sabwera mwa pangano, munthu ukhoza kudikira nyengo yonse. Mukalemba kuti wabweranso wamkulu usiku womwewo, ine sindikhulupirira.

Madamu Nanyoni (Sadzi): Ndiye abwere wamng'ono, adumphe pa mphero mwana akuona.

Abiti Wadi (Domasi): Kapena asabwere n'komwe. Gogo wanena kale, mwana wamva. Ndiponso Disembala ku Jali udzudzu wake, gogo wanzeru sasunga mdzukulu panja usiku chifukwa cha kachilombo.

Nasibeko (Chinamwali): Ndilemba mathero onse awiri, ndidzaika pano Che Saidi akabwera ndi zimene akamve ku Songani.